Ndithandizeni kupeza nyimbo ya "adzalima pansi"

Chimtengo_Balaka:
Abale, ndabwera ndi vuto loti ena museka. Pali nyimbo ya ku Zaire imene malemu bambo anga ankaikonda kwambiri pa golosale yawo cha m'ma 1990 kapena 1991. Inali pa kaseti yojambulitsa, yopanda chikuto, pamwamba analembapo ndi bolopeni kuti Rumba 2, basi. Kasetiyo inasowa pamene tinkasamuka. Mwezi wamawa tikukamanga chiliza, ndiye mayi akuti akufuna aimveko tsiku limenelo. Ine chilankhulocho sindidziwa ngakhale liwu limodzi. Kolasi yake ndimaimva chonchi:

zonga na thako, mutema nangayi adzalima pansi
nakolera yo buthu la moyo
onoline ee, onoline mama

Ndalemba zimenezi pa Google kangapo, zikungonditulukira nkhani za ulimi ndi maulaliki. Alipo angaizindikire?

KaDJ_Ndirande:
Zonga na chani? Akulu, bambo anu ankakulolani kuimba zimenezi pamaso pa makasitomala?

Chimtengo_Balaka:
Tinkaimba m'nyumba monse, mpaka azakhali anatiletsa. Ndalemba mmene khutu linamvera, musandiweruze.

Nambewe_wa_Area25:
Ikani Shazam pa foni, imakuuzani dzina la nyimbo pompopompo. Ine ndimagwiritsa ntchito mu minibasi tsiku ndi tsiku.

KaDJ_Ndirande:
Achemwali, werenganinso. Kaseti inasowa. Shazam imafuna imve nyimbo yeniyeniyo ikulira pa sipika, imafananiza ndi yomwe anajambula eni ake. Mukaiimbira ndi pakamwa siigwira. Yomwe imalola kung'ung'udza ndi ya Google: mutsegule Google pa foni, mudine kamaikolofoni, kenako `Search a song`, mung'ung'udze masekondi 10 kapena 15. SoundHound nayonso imalola. Koma ndikuchenjezeretu, pa nyimbo zakale za ku Congo ine yandikhumudwitsa kambirimbiri. Imapeza zokhazo zomwe zili m'nkhokwe mwawo.

Chimtengo_Balaka:
Ndinayesa imeneyo. Ndinang'ung'udza katatu mpaka ana kundiseka. Inandipatsa nyimbo ya kwaya ya ku Korea.

Mjoni_Kempton:
Chimenechi ndi Chiswahili, anthuni. Onani "nako" koyambirirako, ndi yemweyo wa nakupenda. Ndiye palinso "moyo", pa Chiswahili moyo ndi mtima, si moyo wathuwu. Ndinakhala ndi anyamata a ku Tanzania nyumba imodzi zaka zitatu, ndimachimva. Musake nyimbo za ku Dar es Salaam.

Mphunzitsi_Wopuma_Dowa:
Pepani ndachedwa, ndimadikira magetsi. A Mjoni, zoti moyo pa Chiswahili ndi mtima mwalondola, koma nyimboyi ndi ya Chilingala. Umboni uli mu mzere woyamba. Mswahili akafuna kunena kuti mtima wanga amati moyo wangu. Amene a Chimtengo alemba kuti "mutema nangayi" ndi mawu atatu: motema na ngai. Motema ndi mtima, ngai ndi ine, na ngai ndiye kuti wanga. Mukangomva ngai, yo, bolingo, mokili kapena te kumapeto kwa chiganizo, dziwani kuti muli ku Kinshasa.

Ine Chilingala sindinakaphunzire kusukulu, ndinachitola kwa anzanga a ku Dzaleka amene tinkaimba nawo kwaya zaka zambiri, ndiye wina akaona polakwika andikonze. Mmene ndikuumvera mzere wanu ndi chonchi:

zonga na ndako, motema na ngai ezali na pasi
nakolela yo butu na moi

Kumasulira kwake: bwerera kunyumba, mtima wanga uli pa ululu, ndidzakulirira usiku ndi usana. Ndako ndi nyumba, a KaDJ mtima ukhale m'malo. Palibe amene akulima pansi, ezali na pasi ndiye kuti uli ndi ululu. Buthu palibenso, butu ndi usiku, moi ndi dzuwa kapena usana.

Chimtengo_Balaka:
Aphunzitsi, mwandiliza. Zaka zoposa 30 ndakhala ndikuganiza kuti ndi nyimbo ya mlimi.

Mjoni_Kempton:
Chabwino, ndagonja pa motema. Koma musaiwale kuti magulu ambiri a ku Zaire ankakhala ku Nairobi ndi ku Dar, ndipo ankasakaniza zilankhulo ziwirizi m'nyimbo imodzi. Ndiye kusaka kumeneko sikulakwa.

Mphunzitsi_Wopuma_Dowa:
Apo ndiye ndikuvomerezani. Makaseti ambiri amene ankafika kuno ankadzera komweko. Tisatseke khomo limenelo.

Gogo_Nachisale:
Moni nonse. Ine ndingofunsa, golosaleyo inali pafupi ndi siteshoni ya sitima? Chifukwa amuna anga ankagula fodya pa golosale ina kumeneko, mwini wake wamtali, wokonda wailesi.

Chimtengo_Balaka:
Ayi agogo, yathu inali njira ya ku Ulongwe. Koma bambo analidi wamtali.

Mphunzitsi_Wopuma_Dowa:
Ndibwerere pa chifukwa chimene Google inakukanirani, poti ena mudzakumana nazo pa nyimbo zina. Vuto si khutu lanu lokha, vuto lalikulu ndi dzanja. Ife tikamalemba timatsata malamulo a Chichewa osazindikira n'komwe.

Taonani liwu loti nakolela. Inu mwalemba nakolera, chifukwa kusukulu anatiphunzitsa kuti pambuyo pa e kapena i pamabwera r: kulera, kulira, kukolera. Chilingala chilibe lamulo limenelo, mawu ake enieni amalembedwa ndi l yekhayekha. Ndiye paliponse pamene mwaika r, bwezeranipo l. Chimodzimodzi h uja timaika pa ph, th ndi kh. Mwalemba thako ndi buthu chifukwa m'Chichewa muli mawu otero, koma iwo salemba h ameneyo. Mufufute. Komanso ife sitikonda kuona mavawelo awiri atagundizana, timathamangira kuikapo y kapena w pakati, n'chifukwa chake ngai yasanduka ngayi.

Koma chimene chinakusokeretsani kwambiri ndi ichi: khutu likamva mawu achilendo limawakokera ku liwu lapafupi lomwe likulidziwa. Ezali na pasi yasanduka adzalima pansi, moi yasanduka moyo. Ndiye lamulo langa ndi loti, pamene pakumveka Chichewa chomveka bwino m'nyimbo yachilendo, pamenepo ndiye pokayikitsa kwambiri. Malo amene mwalemba zopanda tanthauzo, monga "zonga na" ndi "yo", ndi amene mwalondola ndendende.

Munthu akamalemba kolasi yotere, bwino ayambe walemba kaphatikizo kamodzikamodzi, osalumikiza: e za li na pa si. Asathamangire kupanga mawu. Kudula mawu kubwere pambuyo, akadziwa chilankhulo.

Wa_Ku_Mwanza_Border:
Zimene akunena aphunzitsizi ndi zoona, zinandichitikira ndi nyimbo ya Chipwitikizi. Ndinkaimva m'mabala a ku Zobue, kolasi yake ndinkalemba kuti "korasau" ndi "minya vida". Ndinasaka chaka chathunthu osapeza kanthu. Tsiku lina dalaivala wa thiraki wa ku Tete anandilembera pa bokosi la machesi: coração, minha vida. Kumeneko ny wathu amalemba nh, sh nthawi zambiri amalemba x kapena ch, ndipo "au" wotulukira m'mphuno uja ndi ão. Nditangolemba mmene iwo amalembera, inatuluka yachitatu pa mndandanda. Makinawa samva mawu anu, amangoyang'ana zilembo.

KaDJ_Ndirande:
Chaka chathunthu kusaka nyimbo ya m'bala. Akazi anu ankadziwa?

Wa_Ku_Mwanza_Border:
Ndi amene anandituma.

Chimtengo_Balaka:
Ndalemba mzere wonse mmene aphunzitsi akonzera. Tsopano zaulimi zasiya, zikubwera nyimbo za ku Congo zokhazokha, koma ndi zambiri zedi. Ndamvera khumi ndi ziwiri, palibe yanga. Bandulo yatsala pang'ono kutha.

Mwana_wa_Kasai:
Moni akuluakulu. Ine bambo anga ndi a ku Congo, mayi ndi a ku Kasungu, ndinakulira ku Lilongwe koma Chilingala timayankhula pakhomo. Aphunzitsi amasulira bwino, ndawavulira chipewa. Ndingowonjezera zomwe zikukulepheretsani panopa.

Mawu amene mwapezawo ali ngati kunena kuti mukusaka nyimbo ya Chichewa yomwe muli "ndimakukonda" ndi "mtima wanga". Motema na ngai, butu na moi, zonga: theka la rumba yonse lili ndi mawu amenewa. Akuthandizani kudziwa chilankhulo, koma sangakulozereni nyimbo. Chimene chingakulozereni ndi liwu losowa, ndipo liwu losowa lili mu mzere wachitatu umene nonse mwaudumpha. "Onoline" si Chilingala. Ndikuganiza kuti ndi dzina la mkazi, Honorine. Ndi dzina la Chifalansa, h woyambayo satchulidwa, ndipo r pakamwa pa oimba ambiri amamveka ngati l. Munthu wolemba ndi khutu sangaganize zoika h pamenepo. Nyimbo zambiri za kwathu mutu wake umakhala dzina la munthu amene akumuimbayo, osati mawu a m'kolasi.

China n'chakuti Chilingala pa intaneti aliyense amalemba mmene wafunira. Ngai ena amalemba nga, ena ngayi. Pasi ena amalemba mpasi, poti a ku Kinshasa amameza m ndi n woyamba m'mawu ngati mpasi, ntango, nsoni. Ezali poyankhula imafupika n'kukhala eza. Moi ena amalemba moyi, ndipo kulibwino muyese moyi, chifukwa moi ndi liwunso la Chifalansa lotanthauza ine, ndiye makina amakutengerani ku Paris. Enanso amalemba u ngati ou, Chifalansa chomwecho. Choncho musalembe mzere wonse m'mitengero, chilembo chimodzi chikasiyana mwaphonya. Tengani mawu awiri kapena atatu okha, muphatikize ndi dzinalo:

```
"zonga na ndako" Honorine
"butu na moyi" Honorine rumba
Honorine soukous 1990
```

Muyese pa YouTube penipeni, osati pa Google pokha. Mawu a nyimbo zakalezi ambiri sanalembedwe paliponse, koma mutu umakhalapo, ndipo nthawi zina anthu amalemba kolasi m'makomenti.

Mphunzitsi_Wopuma_Dowa:
Mwanawe wandiposa. Ine ndimayesa onoline ndi kukometsera chabe, ngati "ee mama ee". Ukalamba ndi umenewu.

Mjoni_Kempton:
Koma ine ndikukayika. Bwanji ngati ndi Caroline kapena Pauline? Munthu wakumbukira zimene anamva ali mwana, zaka 30 zapitazo. Amene anasandutsa nyumba kukhala thako tingamukhulupirire pa dzina?

Mwana_wa_Kasai:
Kukayikako n'koyenera. Pauline ndikukana, chifukwa maphatikizo ndi ochepa, sangakwane pa kayimbidwe ka o-no-li-ne. Caroline ndi Léonine akhoza kukwana. A Chimtengo, imbani mzerewo mukuomba m'manja, muwerenge kuti dzinalo likutenga maphatikizo angati, ndipo mumvetsere ngati likuyamba ndi vawelo kapena pali k kutsogolo. Anthu amaiwala makonsonanti, koma mavawelo ndi chiwerengero cha maphatikizo zimakhalitsa m'mutu chifukwa zimayenda ndi nyimbo.

Chimtengo_Balaka:
Ndaimba, ndaombera, ndi anayi: o no li ne. Ndaimbiranso mchemwali wanga wa ku Mzuzu pa foni osamuuza kanthu, ndinangoti amalize mzerewo. Iye akuti "onorina". K palibe.

Nambewe_wa_Area25:
Inetu nkhani ya makaseti yandikumbutsa kubweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Ana a masiku ano sangamvetse.

KaDJ_Ndirande:
Ndi kuyanika mabatire padzuwa. Ndi kumata tepi yoduka ndi kyutekisi. Pamalo pomatapo nyimbo inkadumpha, ndiye mpaka lero pali nyimbo zina ndimaziimba modumpha pomwepo.

Gogo_Nachisale:
Ife kwasakwasa tinavina ukwati wa mng'ono wanga mpaka wapampando wa chipani anabwera kudzaona ngati zitenje zili m'malo. Nthawi imeneyo mkazi kuvala buluku unali mlandu.

Mbuzi_Yakuda:
Nyimbo za ku Congo ndi zimene zinapha oimba athu. Wailesi inali imodzi, m'mabala monse rumba, ndiye mukudabwa kuti mwana wa ku Balaka akuimba zomwe sakuzimva? Bwanji pa chilizapo osaika nyimbo zathu?

Chimtengo_Balaka:
Achimwene, malemuwo ndi amene ankaikonda. Ndikawafunse kumanda?

Mbuzi_Yakuda:
Pepani, sindimanyoza maliro. Ndimangonena.

KaDJ_Ndirande:
Tibwerere ku nyimbo. A Chimtengo, funso lofunika: mawu mwalembawa ankaimbidwa pamene nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, kapena pamene magitala atenthetsa anthu n'kudzuka kukavina? Ndikufunsa chifukwa rumba ili ndi zigawo. Koyamba amaimba modekha, mawu ambiri. Kenako imasintha giya n'kulowa sebene, pamene gitala imalira yokha ndipo pamakhala munthu wokuwa, atalaku. Zimene amakuwa atalaku si kolasi. Mfuu imodzi ya gule amene watchuka chaka chimenecho imapezeka m'nyimbo makumi, za magulu osiyanasiyana. Kasitomala wina anandivutitsa mwezi wonse akufuna "nyimbo ya kwasa kwasa", osadziwa kuti akunena gule, osati mutu wa nyimbo. Palinso mayina a anthu amene oimba amangowaponya m'nyimbo powatamanda, mabanga. Ndiye Honorine wanuyo akhoza kukhala woponyedwa chabe.

Mwana_wa_Kasai:
Zoona, koma dzina loponyedwa limatchulidwa kamodzi kapena kawiri, mothamanga, nthawi zambiri ndi dzina la bambo ake kapena udindo. Ili likubwerezedwa m'kolasi ndi "ee" ndi "mama", ndipo mawu ozungulira akumuchonderera kuti abwerere kunyumba. Ameneyo ndi mwini nyimbo.

Funso la a KaDJ lili ndi phindu lina. Atalaku anayamba cha mu 1982 ndi gulu la Zaïko Langa Langa. Ngati nyimbo yanu ili ndi wokuwa wotero, ndi ya pambuyo pa chaka chimenecho. Ngati ilibe, koma ili ndi malipenga ambiri, ikhoza kukhala ya m'ma 1970 ngakhale inu munaimva mu 1991. Chaka chimene munaimva si chaka chimene inatuluka.

Chimtengo_Balaka:
Mawuwa anali ku chigawo chodekha, cha pakati. Wokuwa sindikumukumbukira. Malipenga analipo, bambo ankawayerekeza ndi botolo la Fanta pakamwa. Ndipo ndakumbuka china: nyimboyo inkazilala pakati ngati yatha, kenako n'kuyambanso pomwe inalekezera. Ife tinkati kaseti ndi yowonongeka.

KaDJ_Ndirande:
Aaa, bwanji osanena kale! Kaseti sinawonongeke imeneyo. Nyimbo za nthawi ya mbale zing'onozing'ono zija zinali zazitali moti sizinkakwana mbali imodzi, ndiye ankazidula pawiri, mbali yoyamba ndi yachiwiri. Wojambula kasetiyo anatembenuza mbale, n'chifukwa chake inkazilala n'kuyambanso. Ndiye chotsani 1990 ndi soukous pa zomwe mukusakazo. Yanu ndi yakale kuposa pamenepo. Lembani chonchi:

```
Honorine 1 & 2 orchestre
Honorine pt 2 rumba 45
```

Ndipo mukapeza, musamvere masekondi 20 oyamba n'kuthawa. Kolasi ikhoza kubwera pa mphindi yachitatu, kapena ili ku mbali yachiwiri imene woikayo sanaike n'komwe. Mwina pa khumi ndi ziwiri munamvera zija munaidumpha kale.

Mjoni_Kempton:
Mbale zodula pawirizo zinkadindidwa kwambiri ku Nairobi. Ndinanena ine.

Mphunzitsi_Wopuma_Dowa:
Munanenadi a Mjoni, tengani ulemu wanu. Koma ine ndikuti foni ipume kaye. A Chimtengo, jambulani mawu anu mukuimba kolasiyo, ndi malipenga omwe a botolo aja, mutumize kwa Mwana_wa_Kasai akawamvetsere bambo ake. Kapena pitani kwa telala kapena ometa wa ku Congo amene ali ndi imvi. Musapite kwa mnyamata, ndipo dziwani kuti ambiri a ku Dzaleka ndi ochokera kum'mawa kwa dzikolo, chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku ndi Chiswahili, si onse amene Chilingala chimawatsetsereka. Koma nyimbo zakalezi akuluakulu amazidziwa. Mukawaimbire, musakawaonetse pepala. Pepala lanulo lili ndi zolakwa za Chichewa, koma kayimbidwe kalibe.

Tiyamike_Leeds:
Pepani kulowerera, alipo angandithandizenso ine? Yanga ndi ya Chihindi, ya m'filimu ina tinkaonera ku holo ku Limbe, imati "meri jani meri jani" kenako ng'oma.

KaDJ_Ndirande:
Achemwali, imeneyo ndi motema na ngai ya ku India, ili m'nyimbo zikwi. Tsegulani nkhani yanu payokha, mutiuze chaka, woimba anali mwamuna kapena mkazi, ndi zomwe zinkachitika pa kanemapo.

Mwana_wa_Kasai:
Ndalandira mawu a a Chimtengo, ndawamvetsera bambo dzulo usiku. Anaseka kaye za thako mpaka kutsokomola. Akuti mawu ndi omwewo aphunzitsi anamasulira, kupatula kuti iwo akumva naleli yo, ndakulirira, osati nakolela yo. Kayimbidweko akuti akukadziwa, anamalizitsa okha mzere wotsatira, koma dzina la gulu lawathawa. Akuti lili pakamwa pomwepa. Atumiza kwa mnzawo wa ku Lubumbashi amene ankagulitsa mbale kale.

Mphunzitsi_Wopuma_Dowa:
Naleli yo ndi maphatikizo anayi, nakolela yo ndi asanu. A Chimtengo alemba asanu, ndipo mwanena nokha kuti chiwerengero sichinama. Kapena bambo anu akukumbukira nyimbo ina yofanana nayo?

Mwana_wa_Kasai:
N'kutheka. Kapena kolasi imasintha ikamabwerezedwa, koyamba naleli, kachiwiri nakolela. Zimachitika. Sindikakamira.

Chimtengo_Balaka:
Nkhani ili apa. Ndi mawu a a KaDJ aja ndapeza imodzi pa YouTube, chithunzi chake ndi cha mbale yakale yokandikakandika, yalembedwa kuti mbali yoyamba. Malipenga ndi omwewo, tsitsi linandiimirira. Pa mphindi yachinayi akuyamba "zonga na ndako" kenako n'kuzilala, yatha. Mbali yachiwiri palibe. Ndawaimbira mayi pa foni n'kuwamvetsera. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako akuti nyimbo ndi yomweyo koma mawu a woimbayo si amenewo, wa pa kaseti ya bambo anali ndi mawu aang'ono, okwera.

KaDJ_Ndirande:
Zifukwa zingakhale ziwiri. Mwina gulu lina linaijambulanso, zinkachitika kwambiri woimba akachoka gulu n'kupita ndi nyimbo yake. Kapena wailesi ya pa golosale inkathamangitsa tepi, mawu n'kumakwera. Yesani kuika liwiro pa `1.25` muwamvetserenso, ngakhale YouTube imafulumizitsa osakweza mawu kwenikweni, ndiye musadalire kwambiri. Nditumizireni kumbali, ndiikweze pa kompyuta pang'ono, tione ngati mayi angaivomere.

Mjoni_Kempton:
Pa chithunzi cha mbaleyo palembedwa kuti inadindidwa kuti? Ndikungofuna kudziwa.

Chimtengo_Balaka:
Sipakuwerengeka, pali chidindo cha sitolo pamwamba pake. Ndamulembera woikayo mu komenti kupempha mbali yachiwiri, mwana wanga wandithandiza Chifalansa. Koma anaika zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, kaya amayankhabe. A Mwana_wa_Kasai, wa ku Lubumbashi uja akayankha mundiuze, chiliza ndi pa 14.